Mitu ya tebulo ikuthawa ndikamatsika: kukhomerera mizere ndi makolamu mu Excel

Mlembi wa kalabu ku Bua: Mwadzuka bwanji nonse. Ndithandizeni pa fayilo yolembamo mpunga umene alimi abweretsa ku kalabu. Mzere 1 muli dzina la kalabu, mzere 2 muli nyengo yokolola, mzere 3 mulibe kanthu, ndipo mitu ya makolamu ili mu mzere 4. Alimi akuyambira mzere 5 mpaka 640. Kolamu A ndi nambala ya mlimi, B dzina, C mudzi, D mtundu wa mpunga kaya Kilombero kaya Faya, kenako tsiku, matumba, makilogalamu, mpaka R pomwe pali ndalama zoti alandire. Ndikafika ku R dzina silikuonekanso, ndikatsika ku mzere 300 mitu nayo yapita. Ndinadina Freeze Top Row koma chimene chaima pamwamba ndi dzina la kalabu basi.

Mnyamata wa pa Kamuzu Road: Zophweka mayi. Pitani pa View, Freeze Panes, dinani Freeze Top Row, mubwererenso pomwepo mudine Freeze First Column. Zonse ziwiri zigwira.

Mlembi wa kalabu ku Bua: Ndayesa zimenezo achimwene. Nditadina yachiwiriyo, mzere wapamwamba wamasuka, tsopano kwangoima manambala a mu kolamu A. Nambala yokha sindingamudziwe nayo munthu.

Akalaliki a pa Boma: Sizingagwire zonse ziwiri chifukwa mabatani awiriwo saphatikizana, lililonse limachotsa zimene linzake linachita. Komanso lililonse limagwira chinthu chimodzi chokha, mzere umodzi kapena kolamu imodzi. Inu mukufuna mizere inayi ndi makolamu awiri, ndiye batani lanu ndi loyambalo, lolembedwa Freeze Panes, osati awiri a m'munsiwo.

Batani limenelo limayang'ana kabokosi kamene mwadina. Chilichonse chimene chili pamwamba pa kabokosiko chimaima, chilichonse chimene chili kumanzere kwake chimaimanso, koma kabokosiko sikalowa nawo. Choncho musadine pa mitu. Dinani kabokosi koyamba kamene mukufuna kuti kaziyenda. Mitu yanu yathera mu mzere 4, ndiye mzere woyamba kuyenda ndi 5. Dzina lathera mu B, ndiye kolamu yoyamba kuyenda ndi C. Kabokosi kanu ndi C5. Dinani pamenepo kamodzi, kenako View, Freeze Panes, Freeze Panes. Muona kamzere kakuda kopyapyala pansi pa mzere 4 ndi kena kumanja kwa B.

Chifukwa munakhomerera kale kolamu A, batani loyambalo panopa likuwerengeka Unfreeze Panes. Lidineni kaye kuti mumasule, kenako muyambe bwino.

Mlembi wa kalabu ku Bua: Mayo ine. Ndamasula, ndakhomereranso, ndiye alimi asowa. Tsamba likuyambira mzere 198. Ndikukwera ndi mausi koma silikupita pamwamba. Anthu pafupifupi 200 afufutika?

Mnyamata wa pa Kamuzu Road: Mizereyo yangobisika. Sankhani tsamba lonse, dinani batani lakumanja la mausi, musankhe Unhide.

Akalaliki a pa Boma: Unhide sichita kanthu pamenepo chifukwa mizereyo sinabisidwe. Mayi, mtima m'malo, palibe mlimi amene wafufutika. Tandiuzeni, pakona yakumanzere pamwamba pa kolamu A, m'kabokosi kosonyeza pamene muli, mwalembedwa chiyani?

Mlembi wa kalabu ku Bua: H212

Akalaliki a pa Boma: Ndi pamenepo. Munali pakati pa tebulo, pa H212, ndipo mzere woyamba kuoneka pa sikirini unali 198. Excel yachita ndendende zimene mwaiuza: yaimitsa mizere 198 mpaka 211 ndi makolamu A mpaka G. Nkhani imene ambiri saidziwa ndi yakuti Freeze Panes siwerengera kuchokera pa mzere 1, imawerengera kuchokera pa mzere umene ukuoneka pamwamba pa sikirini nthawi imene mukudinayo. Mizere imene inali itadutsa kale m'mwamba imatsekeredwa kunja, ndipo mausi sangakufikitseniko mpaka mutamasula. Freeze Top Row nayo ndi chimodzimodzi. Mukaidina muli pa mzere 198, imaimitsa mzere 198.

Chitani motsatana chonchi. Unfreeze Panes kaye. Kenako Ctrl+Home kuti mubwerere pa A1, muonetsetse ndi maso kuti mzere 1 ndi kolamu A zikuoneka. Mukatero dinani C5, muyang'ane pakona paja ngati palembedwadi C5, ndiyeno Freeze Panes. Poyesa, tsikani mpaka mzere 640 ndi kupita kumanja mpaka R. Mukuyenera kuona dzina la mlimi womaliza moyandikana ndi ndalama zake, mutu uli pamwamba.

Mlembi wa kalabu ku Bua: Abwerera onse, ndipo zagwira. Zikomo bambo. Thukuta linali litayamba.

Msungichuma wa ku Lifuwu: Ndionjezerepo kamodzi pa zimene anena akalaliki. Mukachita Ctrl+Home musaiwale kuchoka pa A1. Mukadina Freeze Panes muli pa A1, pamwamba palibe kanthu, kumanzere kulibe kanthu, ndiye Excel imangodula sikirini pakati, mtanda wa timizere tiwiri nkukhala pakatikati. Hafu ya sikirini imauma. Mukaona fayilo imene ikungoyenda kachigawo kam'munsi kumanja, nthawi zambiri ndi zimenezi zinachitika.

Ofuna kiyibodi: dinani Alt, kenako W, kenako F, kenako F, limodzilimodzi osati pamodzi. Ndondomeko yomweyo imakhomerera, ndipo mukaibwereza imamasula.

Mnyamata wa pa Kamuzu Road: Koma nkhani ya mizere yotsekeredwa kunja ija itha kuthandizanso. Mayiwa sakufunika kuona dzina la kalabu tsiku lonse. Atsike pang'ono mpaka mzere 4 ukhale woyamba pamwamba, adine C5, akhomerere. Pamwamba paima mzere umodzi wokha, wa mitu, malo nkutsala ambiri.

Akalaliki a pa Boma: Pamenepo mwalasa, zimagwiradi. Vuto lake ndi la munthu wotsatira. Fayilo ikapita kwa wapampando kapena kwa amene adzalowe m'malo mwa mlembi, aona tsamba loyambira mzere 4, afuna kusintha nyengo mu mzere 2, ayesa Unhide monga munanenera inu muja, zikanika. Pa fayilo yanu nokha chitani, pa fayilo yoyenda m'manja ambiri ine sindingalimbikitse.

Koma nkhawa ya malo ndi yoona. Pa laputopu yaing'ono mumaoneka mizere makumi awiri ndi ingapo basi. Mizere inayi si vuto, pokhapokha ngati mzere 1 munaukulitsa ndi zilembo zazikulu, mitu nayo ili ndi Wrap Text nkutenga malo a mizere itatu. Zikafika poti chigawo choimacho chadzaza sikirini yonse, munthu amatembenuza mausi osaona chosintha, nkumati kompyuta yauma. Mankhwala ake ndi kuchepetsa kutalika kwa mzere 1, kufupikitsa mitu, ndi kudina Ctrl+F1 kuti mabatani a pamwamba aja apindike.

Aphunzitsi a ku Chipoka: Pepani ndalowerera. Ine ndinachita zonsezi pa tebulo la malikisi a ana, mayina kumanzere, maphunziro pamwamba. Koma nditapulinta, mitu yatuluka pa pepala loyamba lokha. Lachiwiri ndi lachitatu ndi manambala okhaokha. Ndinalakwitsa kabokosi?

Msungichuma wa ku Lifuwu: Simunalakwitse aphunzitsi, kungoti Freeze Panes ndi ya pa sikirini, pulinta siidziwa. Za pa pepala zili pa Page Layout, Print Titles. Pa Rows to repeat at top mulembe mizere ya mitu, pa Columns to repeat at left mulembe makolamu a mayina. Pa fayilo ya mayi a ku Bua zingakhale chonchi:

```
Rows to repeat at top:      $4:$4
Columns to repeat at left:  $A:$B
```

Ngati mukufuna dzina la kalabu kapena la sukulu lizituluka pa pepala lililonse, lembani $1:$4. Chenjerani ndi njira yolowera. Mukatsegula Page Setup kuchokera pomwe mumaonera pepala musanapulinte, timabokosi tiwiriti timakhala totuwa, osalembeka. Loweranipo kuchokera pa Page Layout penipeni.

Aphunzitsi a ku Chipoka: Ndapita pa Page Layout, yandichenjeza kuti zokhomerera zichoka ndikapitiriza. Ndiye ndisankhe chimodzi?

Msungichuma wa ku Lifuwu: Ayi, mwalowa khomo lina. Mawu oti Page Layout ali pawiri. Ena ali mkati mwa View, amasintha tsamba kuti lizioneka ngati mapepala, ndipo amenewo ndi amene sagwirizana ndi kukhomerera. Amene ndikunena ine ali pa mndandanda wa pamwamba, pomwe pali Home ndi Insert. Kanani chenjezolo, mukhale pa Normal.

Zimenezi zikuyankhanso amene amadandaula kuti batani la Freeze Panes latuwa, silikudinika. Yang'anani ziwiri: kodi muli pa Normal, nanga kodi simuli mkati molemba m'kabokosi? Ngati kamzere kolembera kakuphethira m'kabokosi, dinani Enter kapena Esc, batani lidzuka.

Mlembi wa kalabu ku Bua: Ndabweranso. Zikuyenda, koma ndikapita kumanja dzina la kalabu mu mzere 1 likuduka, zilembo zina zikulowa pansi pa kolamu B. Sizikuoneka bwino.

Akalaliki a pa Boma: Munagwiritsa Merge & Center kuchokera A1 mpaka R1, si choncho? Kabokosi kophatikizako kadutsa malire amene mwaika pakati pa B ndi C. Mbali ina yaima, mbali ina ikuyenda. Ziwerengero zanu sizikukhudzidwa, ndi maonekedwe chabe. Dinani A1, mudinenso Merge & Center kuti timabokosi tilekane, dzinalo likhale mu A1 litatsamira kumanzere. Likakhala lalitali kuposa A ndi B pamodzi, mchira wake uzidukabe mukamapita kumanja, ndiye lifupikitseni kapena muchepetse zilembo.

Mu Excel ndi nkhani ya maonekedwe, koma mu Google Sheets ndi nkhani yaikulu, chifukwa kumeneko imakana kukhomerera kolamu ngati malirewo akudula kabokosi kophatikiza. Imakuuzani kuti mulekanitse kaye.

Mayi a golosale ku Dwangwa: Poti mwatchula Google Sheets, ine ndimagwiritsa imeneyo polemba ngongole za makasitomala. Ndatsatira malangizo anu, mitu yanga ili mu mzere 4 ngati ya anzangawa, ndadina mzere 5, koma kasitomala woyamba waima limodzi ndi mitu. Akundiyang'ana tsiku lonse, ngongole yake nayo si yaing'ono.

Msungichuma wa ku Lifuwu: Hahaha, mwina ndi bwino kuti musamuiwale. Kusiyana kwake ndi uku mayi: Excel imaimitsa zapamwamba pa pomwe mwadina, pomwe Google Sheets imaphatikiza mzere umene mwadinawo. Mukapita pa View, Freeze, muona mawu oti Up to row ndi nambala ya mzere umene muli. Ndiye kwa inu dinani mu mzere 4 momwemo, muone kuti palembedwa Up to row 4. Makolamu amapangidwa padera: dinani mu B, View, Freeze, Up to column B. Kumeneko mizere ndi makolamu sizichotsana ngati mabatani awiri a Excel aja.

Pa kompyuta palinso njira yachidule. Pakona pomwe manambala a mizere akumana ndi zilembo za makolamu pali timipiringidzo tiwiri totuwa tokhuthala. Kokani kopingasako kutsika nako mpaka pansi pa mzere 4, koimirirako mupite nako kumanja kwa B.

Mnyamata wa pa Kamuzu Road: Ubwino wina wa kukhomerera ndi woti mukamasanja mayina kuyambira A mpaka Z, mitu siisakanikirana ndi alimi.

Akalaliki a pa Boma: Mu Google Sheets ndi zoona, mukasanja tsamba lonse mizere yokhomereredwa imasiyidwa pamalo pake. Mu Excel ayi. Sort ya Excel siyang'ana kuti mwakhomerera pati. Imadziyerekezera yokha pomwe tebulo layambira, ndipo chimene chimateteza mitu ndi kachizindikiro ka My data has headers mu bokosi la Sort. Kakapanda kuchongedwa, mawu oti Dzina muwapeza pakati pa alimi oyamba ndi D, ndipo mu mzere 4 muima mlimi.

Apa mzere 3 wopanda kanthu uja wa mayi a ku Bua ukugwira ntchito, musauchotse. Ndi umene ukulekanitsa tebulo ndi zolemba za pamwamba, kuti Excel izindikire kuti tebulo layambira mzere 4. Ngati ukudya malo, uchepetseni kutalika, koma ukhalepo.

Mlembi wa kalabu ku Bua: Nanga mzere wa chiwonkhetso umene uli pansi, mzere 641? Ndikufuna uziwoneka nthawi zonse pamene ndikulowetsa makilogalamu. Ungakhomereredwe pansi pa sikirini?

Akalaliki a pa Boma: Sizitheka. Kukhomerera kumagwira zapamwamba ndi zakumanzere zokha, ndipo ziyenera kukhala zogundizana. Kwezani chiwonkhetsocho chipite m'chigawo choimacho. Makilogalamu ali mu G, ndiye mu G2 lembani:

```
=SUBTOTAL(9,G5:G640)
```

Mu G2, osati G3, pa chifukwa chomwe ndanena chija. Ndasankha SUBTOTAL m'malo mwa SUM chifukwa mukasefa ndi Filter kuti muone mudzi umodzi, imawonkhetsa alimi amene akuoneka okhawo. Ngati mukufuna chiwonkhetso cha kalabu yonse chosasintha, ikani SUM. Mukadzaonjezera alimi kupyola mzere 640, kumbukirani kusintha 640 uja, apo ayi atsopanowo sawerengedwa. Ndipo ngati musiya chiwonkhetso chakale mu G641, musachilowetse mu fomulayi, makilogalamu angawirikize kawiri.

Msungichuma wa ku Lifuwu: Kapena View, Split, imene imagawa sikirini zigawo zoyenda pazokha, chapansi nkuchisiya pa mzere 641. Koma pa tsamba limodzi simungakhale ndi Split yoyenda komanso Freeze Panes nthawi imodzi, ndiye mutaya mitu kuti mupeze chiwonkhetso. Njira ya akalaliki ndiyo yabwino.

Ine ndikanapitirira, tebulolo ndikanalisandutsa Table ndi Ctrl+T. Mukatero, mukamatsika, mitu imalowa m'malo mwa zilembo A, B, C pamwamba popanda kukhomerera chilichonse.

Akalaliki a pa Boma: Imalowadi, bola kabokosi kamene mwadina kakhale mkati mwa tebulolo. Mukadina kunja, zilembo zimabwerera. Komanso imathandiza mitu yokha, dzina la mlimi mu B lithawabe mukapita ku R. Ndiye ngakhale ndi Table, kolamu muikhomererabe. Zikatero mungadine C1 kuti aime makolamu A ndi B okha, koma chiwonkhetso cha mu G2 chija chizithawa.

Mayi a golosale ku Dwangwa: Zanga zatheka pa laputopu. Koma pa foni, makolamu awiri oimawo atenga pafupifupi sikirini yonse, kwatsala kampata kakang'ono koonera ngongole.

Msungichuma wa ku Lifuwu: Ndiye vuto la foni limenelo. Kukhomerera kumasungidwa mu fayilo, ndiye zimene mwaika pa laputopu zimatsatira ku foni, ngakhalenso kwa aliyense amene mwagawana naye fayiloyo. Chepetsani kolamu A ingokwana manambala atatu, B ingokwana dzina lalitali kwambiri, mugoneke foni cham'mbali. Zikakanikabe, sinthanitsani makolamu, dzina libwere mu A, muimitse kolamu imodzi yokha.

Akalaliki a pa Boma: Pa golosale zingatheke, koma pa fayilo ya alimi 636 dzina lokha silikwana. Mayina ofanana ndi ambiri kuno, a Phiri ndi a Banda angapo okhala ndi dzina loyamba limodzi. Nambala iyenera kuoneka, mwinanso mudzi. Ine ndikanakhomerera pa D5 kuti mudzi uime nawo, chifukwa kulipira munthu wolakwika kumayambira pamenepo.

Msungichuma wa ku Lifuwu: Makolamu atatu pa laputopu yaing'ono ndiye mwadya gawo lalikulu la sikirini bambo, pa foni osanena. Nambala ndi yapadera kwa mlimi aliyense, mudzi ndi wa chiyaninso?

Akalaliki a pa Boma: Mlimi akabwera pa sikelo amatchula dzina ndi mudzi, nambala ambiri saikumbukira.

Msungichuma wa ku Lifuwu: Polowetsa matumba ndavomera. Powerengera ndalama ku R, nambala ikukwana. Asankhe okha mayiwo, akudziwa ntchito imene amakhalitsapo.

Aphunzitsi a ku Chipoka: Funso lomaliza kwa ine. Fayilo yanga ili ndi masamba atatu, la teremu iliyonse. Ndakhomerera loyamba, enawo sanasinthe. Ndiponso kompyuta ya kusukulu ilibe Excel, ili ndi LibreOffice.

Msungichuma wa ku Lifuwu: Tsamba lililonse limakhomereredwa palokha, ndiye bwerezani pa masamba awiri otsalawo. Ku LibreOffice Calc lamulo la kabokosi ndi lofanana ndi la Excel: dinani pansi pa mitu, kumanja kwa mayina, kenako View, Freeze Rows and Columns. Posunga, sungani ngati .xlsx kapena .ods. Mukasunga ngati .csv mumangotsala zolemba ndi manambala a tsamba limodzi, kukhomerera konse kumatayika, ndipo mukadzatsegula mawa mudzayambiranso.

Mlembi wa kalabu ku Bua: Ndayesa D5 ya akalaliki. Pa laputopu yanga kukutsala makolamu asanu ndi awiri oyenda, zikukwana polowetsa matumba. Pa foni ya wapampando ndiye kukungooneka nambala, dzina ndi theka la mudzi, china chilichonse osaoneka. Panopa ndabwerera pa C5. Kodi pali njira yoti laputopu ikhale pa D5, foni pa C5, fayilo ili imodzi yomweyo?

Mnyamata wa pa Kamuzu Road: Pangani tsamba lachiwiri la wapampando, lokhala ndi dzina, makilogalamu ndi ndalama basi, lizikoka kuchokera ku tsamba lalikulu. Poti tsamba lililonse limakhomereredwa palokha, lake muimitse kolamu imodzi.

Akalaliki a pa Boma: Zingatheke, koma ngati mungokoka ndi =Sheet1!B5 nkutsitsa, musadzasanje tsamba lachiwirilo palokha, muzisanja lalikulu, linalo lizitsatira. Mayi, tumizani kaye chithunzi cha mitu yonse kuyambira A mpaka R, mayina a alimi mutawaphimba, tione makolamu amene wapampando amawafunadi.